Mpira wa Nsanza ndi Diso Limodzi

Ndinaphunzitsapo pasukulu ina ya pulayimale cha ku Kaluluma, yozunguliridwa ndi minda ya fodya mbali zonse. Kalasi yanga inali sitandade 5. Pa ndandanda wa maphunziro panali nthawi ya masewero olimbitsa thupi, koma aliyense pasukulupo ankadziwa kuti imeneyo ndi nthawi yotchetcha udzu kapena yomalizira masamu a dzulo. Mphunzitsi akakhala wachifundo ankangoponya mpira umodzi pakati pa bwalo n'kukakhala pamthunzi, ana n'kumaunjikana pampirawo ngati nkhuku pamadeya. Wina ankabwerako chala chitathyoka, wina mlomo utatupa, ndipo tinkati ana asewera. Ine zimenezo zinkandinyansa. Ndinasewerapo mpira wamanja ndili mtsikana, ndipo mpaka lero miyendo yanga sigwirizana ndi mpando.

M'kalasimo munali mtsikana wina wamtali, wosayankhulayankhula, mwana wa tenanti wa pa esiteti yoyandikana ndi sukulu. Kwawo kunali ku Phalombe. Diso lake lamanzere lidawonongeka ali wamng'ono, atagwera pa kamtengo kosongoka m'chigafa choyanikamo fodya, choncho ankaona ndi lamanja lokha. Anzake akatuluka kupita pabwalo, iye ankatsala pakhonde kulondera zikwama. Nditafunsa chifukwa chake, ahedi anandiuza kuti bambo ake adaneneratu tsiku lodzamulembetsa kuti mwana wawo asadzayandikire mpira, ndipo akadzangomva kuti anali pabwalo, sukulu idzathera pomwepo. Anandichenjezanso kuti ndisayambitse nkhani pamene palibe nkhani, poti ana a matenanti savuta kuwataya. Ahedi athuwo anali munthu wabwino, koma ankaopa nkhani kuposa njoka.

Ndikanazisiya choncho. Koma tsiku lina m'mwezi wa Febuluwale, pa nthawi yopuma, ndinazungulira kuseri kwa kalasi ndipo ndinamupeza ali yekha akuponya gwafa wosapsa pakhoma n'kumamuwakha akamabwerera. Gwafa wosapsa ndi mwala basi. Ankabwerera mmene wafunira, nthawi zina n'kudutsa pafupi ndi tsaya lake. Mtima wanga unadumpha. Mwana amene tinkamuteteza ku mpira anali akusewera ndi chinthu choipa kuposa mpira, popanda womuyang'anira, ndiponso popanda womuuza mmene manja amaikidwira. Atandiona anabisa gwafayo kumbuyo n'kugwada. Sindinamukalipire, ngakhale kuti pakamwa pankandiyabwa.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhalenso pamtendere. Ndinaganiza zokonza phunziro limodzi lokha, la luso limodzi lokha, kuponyerana mpira kuchokera pachifuwa, lokonzedwa bwino moti ngakhale mwana wa diso limodzi angakhalemo. Koma sindikanamulowetsa mozemba. Loweruka ndinapalasa njinga kupita ku esiteti.

Ndinawapeza bambo ake m'chigafa akusoka fodya, manja ali bii ndi utomoni. Inali nthawi yothyola, yomwe tenanti sadziwa kuti lero ndi lachingati. Anandipatsa kampando, iwo n'kupitiriza ntchito. Ndinafotokoza za gwafa uja, za khoma, ndi za phunziro limene ndinkaliganiza. Anamvetsera osadula mawu anga, kenako anaika pansi singano.

"Madamu, inu muli ndi maso awiri," anatero. "Limodzi likavuta muli ndi lina. Uyu likangovuta latsalali, ndidzamutsogolera ndi ndodo mpaka ndidzafe. Nanga ndikadzafa?"

Ankanena zoona. Ndinangoti mwanayo akusewera kale, ndipo kuseri kwa khoma kulibe amene angamuteteze. Ndinawauza kuti mpira wake udzakhala wansanza, wofewa, ndipo adzaima malo amene mpira wa munthu wina sungamupeze. Anafunsa kuti womuponyera adzakhala ndani, poti ana anzake ndi osasamala. Ine ndi kufulumira pakamwa kwangaku ndinayankha kuti ndidzamuponyera ndine ndekha, palibenso wina. Anandiyang'ana n'kunena kuti ngati ndi choncho ndiyese, koma mawu angawo awasunga.

Ndinabwerera kunyumba ndikupalasa ngati ndikuthamangitsidwa. Ndinadzera kwa alangizi a zaumoyo a m'deralo kukafunsa nzeru. Iwo anati chofunika kwenikweni ndi magalasi oteteza maso, koma kwathu kuno ndikawapeza kuti. Anandilangiza kuti mpira ukhale wopepuka, asamalimbirane ndi anzake, ndipo ndikumbukire kuti munthu wa diso limodzi amavutika kudziwa ngati chinthu chili pafupi kapena patali, makamaka chikamabwera mothamanga.

Sabata yotsatirayo anthu ankaganiza kuti mutu wanga wasokonekera. Ana akaweruka ine ndinkapita pabwalo n'kumayendayenda nditaweramira pansi. Bwalo lathu linali njira ya ngolo zopita ku esiteti, choncho mbali ina inali ndi mikwasa yakuya ya matayala ndi mapondedwe a ng'ombe amene akauma amapotokola mwendo. Mbali imeneyo ndinaisiya. Ku mbali yabwinoyo ndinazula zitsa, ndinakwirira mauna, ndinatola magalasi a mabotolo ndi minga. Ndinabweranso mmawa pa ola lenileni la phunzirolo kudzaona kumene dzuwa limakhala, kuti mizere ya ana idzayang'anizane kumpoto ndi kumwera, pasadzakhale wowakha mpira dzuwa likumuthobwa m'maso. Ahedi ankandiyang'ana ali pakhomo la ofesi yawo, n'kufunsa ngati ndataya ndolo.

Sukulu inali ndi mpira wachikopa umodzi wokha, wolimba, ndipo umenewo ndinautsekera mu ofesi. Ndinauza ana kuti awiri aliwonse apange chikulunga chawo cha majumbo ndi nsanza, chachikulu ngati dzungu laling'ono. Anabwera nazo zambiri, zomangidwa bwino ndi chingwe cha fodya. Ndinazifinya chimodzichimodzi, ndipo sindinalakwe, chifukwa anyamata ena anali ataika miyala pakati kuti ziziuluka patali. Zimenezo ndinawamasulitsa pamaso pa anzawo. Cha mtsikana uja ndinapanga ndekha ndi nsanza zokhazokha, n'kuchikuta ndi chitenje chakale chachikasu kuti chizioneka msanga pa udzu wobiriwira, mfundo zonse ndikuzibisa mkati.

Kenako panabwera nkhani ya kaimidwe. Kalasi inali yaikulu, yoti ukawamasula onse pamodzi sungamve ngakhale mawu ako omwe. Ndinakonza zoti aime awiriawiri moyang'anizana, m'mizere iwiri, kuti mipira yonse iziyenda njira imodzi, yosapingasana. Mumzere aliyense atambasule manja mpaka zala zisakhudzane ndi za mnzake, kenako asunthenso phazi limodzi. Poti mizere iwiri sikanakwana onse, ndinakonza gulu lachiwiri kumbuyo, ndikusiya mpata waukulu wopanda munthu pakati pa misana yawo, woti mpira wophonyedwa uzigwera pamenepo. Malo oima ndinaganiza zolemba ndi phulusa. Njerwa kapena timitengo zikanawapunthwitsa.

Panali chinthu china chimene ndinkachidziwa kale mwa ana athu. Mpira ukagubuduka n'kupita kutali, mwana wowutola sauponya kubwerera. Amaunyamula ndi manja awiri, n'kudutsa nawo pakati pa anzake onse, kudzagwada pamaso pa mphunzitsi n'kupereka. Kunyumba umenewo ndi ulemu, koma pakati pa mipira yambirimbiri ikuuluka ndi ngozi yeniyeni. Ndinaika lamulo loti mpira wothawa usiyidwe pomwe wagwera, eni ake akweze dzanja, ndipo adzautole wezulo ikalira. Wezulo ikalira kamodzi, mpira uliwonse pansi, munthu aliyense chilili.

Mtsikana uja ndinamuika kumapeto kwenikweni kwa mzere, mbali yake yamanzere, yosaonayo, italoza kunja kwa bwalo kumene kulibe woponya aliyense. Mpira wosokera uliwonse ukanachokera kumanja kwake, kumene akanauona ukubwera. Pakati pa iye ndi woyandikana naye ndinasiya mpata wowirikiza.

Masitepe a phunzirolo ndinawalemba ndi kuwafufuta mpaka pepala linabooka. Poyamba kutenthetsa thupi, kuthamanga pang'ono ndi kupukusa mapewa ndi manja. Kenako kuphunzira kaponyedwe popanda mpira: zala zotambasuka kumbuyo kwa mpira, zala zazikulu zikuyang'anizana, zigongono pafupi ndi nthiti, phazi limodzi kutsogolo, n'kukankha mpaka manja atawongoka, zala zitaloza pachifuwa cha mnzako. Wowakha aonetse manja kutsogolo, maso pampira, akaugwira aukokere pachifuwa. Kenako ndi mpira, ali pafupi kwambiri. Amene akugwira osagwetsa abwerere m'mbuyo phazi limodzi. Pambuyo pake wowakha asunthire pambali asanalandire. Chakumapeto atatuatatu, wina ali pakati kuyesa kutchinga, koma sitepe imeneyo mtsikana uja sindinamuikemo, poti ndi mmene manja amafika kumaso. Zonse zinali bwino papepala, ndipo ndinayamba kudzimva kuti ndine katswiri.

Lachitatu nditaweruka ndinamuitana mtsikana uja kuti tiyeseze awiri, phunziro lisanafike Lachisanu. Ndinamuonetsa kaikidwe ka manja, ndipo anagwira msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Anandiponyera mpira wowongoka bwino, wofika pachifuwa penipeni. Ndiye ndinati tsopano alandire. Ndinaima pafupi, ndinamuchenjeza, n'kuponya pang'onopang'ono. Mpira utangochoka m'manja mwanga, mwanayo anagwetsa nkhope pansi, anapinda mawondo, n'kutambasula manja awiri mogadamitsa, mmene mwana amalandirira chinthu kwa munthu wamkulu. Mpira unamugunda pamutu.

Ndinamuuza kuti andiyang'ane. Anavomera. Ndinaponyanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Ndinayesa kuseka, ndinayesa kunyengerera, kenako ndinapsa mtima n'kukweza mawu, zomwe zinangomuweramitsa kwambiri. Ankayesetsa ndithu, ndinkaona khosi lake likulimbana, koma nthawi iliyonse maso athu akakumana nkhope yake inkagwa yokha. Ndikamamuphunzitsa kaikidwe ka manja ankayang'ana manja angawo, koma kuima maso ndi maso ndi mphunzitsi, kudikira kuti amupatse chinthu, thupi lake linkadziwa njira imodzi yokha. Kuyambira ali wakhanda adaphunzitsidwa kuti wamkulu sayang'anidwa kumaso, ndipo chochokera kwa wamkulu chimalandiridwa utagwada. Ine ndinkafuna kuchotsa zimenezo masana amodzi.

Ndinakhala pansi pa udzu ndili wefuwefu, osati chifukwa chotopa. Ndinazindikira kuti pabwalo lonselo munthu woopsa kwambiri kwa mwanayu ndinali ine. Kuti nditsimikize, ndinaitana mtsikana wina amene ankakhala naye desiki imodzi, yemwe ankamudikira kuti apitire limodzi kwawo. Ndinamupatsa mpirawo, ine n'kukaima patali. Anaponyerana bwinobwino. Mutu uli chilili, diso lili pampira, mpaka anayamba kuseka. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwake.

Zinandisangalatsa ndipo zinandisowetsa mtendere nthawi yomweyo. Lonjezo langa kwa bambo ake linali loti woponya ndidzakhala ine. Ndikasunga lonjezolo, mwana adzalandira mpira ali chiweramire. Ndikaliphwanya mwakachetechete, nkhani idzafika ku esiteti dzuwa lisanalowe, chifukwa ana sasunga kanthu, ndipo mwanayo sadzapondanso pasukulu. Madzulo amenewo ndinapsereza ndiwo. Ndinasesa m'nyumba mosesedwa kale. Ahedi nditawauza anati njira yosavuta ilipo, mwanayo abwerere pakhonde ndipo aliyense agone tulo. Ndinawayankha mawu amene sindingawalembe pano, ndipo mawa lake ndinakapepesa.

Lachinayi nditaweruka ndinapalasanso njinga kupita ku esiteti, mpira wachikasu uli m'jumbo. Kumwamba kunali kutada, ndipo matenanti ankathamangitsa fodya wothyola kuti mvula isamupeze panja. Bambo aja sanasangalale kundionanso. Ndinawauza mosazungulira kuti mawu amene ndinawapatsa aja sindingawasunge, ndipo ndabwera kudzawabweza ndekha asanamve kwa ena. Nkhope yawo inasintha. Anati ankadziwa kuti anthu a sukulu amayamba ndi mawu okoma. Sindinatsutse. Ndinangotulutsa mpira uja n'kuwapempha kuti amuponyere okha mwana wawo, pang'onopang'ono, pomwepo pabwalo la chigafa.

Anapukuta manja pa buluku, anaufinyafinya mpirawo, n'kumuitana mwanayo. Anaponya mosamala ngati akupereka dzira. Mwana anagwetsa nkhope, anapinda mawondo, mpira n'kumugunda paphewa. Anayesanso kachiwiri, n'kukhala chimodzimodzi. Amayi ena amene ankasoka fodya pafupi anayamba kuseka, koma bambowo sanaseke.

"Mwamulera bwino, bambo," ndinatero. "Kwa inu ndi kwa ine sangadzutse mutu. Kwa mnzake amadzutsa. Ndaona ndi maso angawa."

"Ndiye mukuti ulemu womwewu ndi umene ungamuphe diso?"

"Pabwalo la mpira, inde."

Anayang'ana mwana wawo, yemwe anali akadali chogwada. Kenako anafunsa za mnzakeyo, kuti ndi mwana wa yani, ndi wamsinkhu wanji, ndi waphuma kapena ayi. Ndinawauza kuti sindinasankhe katswiri wa m'kalasi, chifukwa akatswiri amaponya mwamphamvu kuti awaone. Ndinasankha wofatsa, wofanana naye msinkhu kuti mpira uzifika pachifuwa osati kumaso, ndipo lamulo lake ndi loti amuitane kaye, adikire mpaka aone manja atatambasuka, ndiye aponye. Ndinajambula pansi ndi kamtengo mmene mizere idzakhalire ndi pamene mwana wawo adzaime. Sanavomere ndipo sanakane. Anati akapempha kwa kapitawo abwere adzaone okha, ndipo akadzaona chosawakomera adzamutenga pomwepo, osadzabweranso. Mvula inandipeza m'njira ndipo ndinafika kunyumba nditanyowa mpaka mkati.

Lachisanu ndinalawirira ndi chidebe cha phulusa, chifukwa mizere imene ndinalemba dzulo lake inali itakokoloka. Ndinapondaponda bwalo lonse kuona ngati pali poterera. Dothi la kumeneko ndi lamchenga, limamwa madzi msanga, ndipo pofika nthawi ya phunziro panali pouma mokwanira. Maphunziro awiri oyambirira ndinaphunzitsa ndi thupi lokha, mtima uli pawindo.

Titatuluka, ana anathamangira pabwalo mwachizolowezi chawo, ndipo panatenga nthawi kuti ndiwaike m'mizere. Kutambasula manja kokhako kunasanduka sewero, ena akugwirana dala, ena akutekenyana m'khwapa. Ndinayeseza nawo lamulo la wezulo kangapo mipira isanagawidwe, mpaka onse ankaima nthawi imodzi. Mtsikana uja anaima pamalo pake kumapeto, atavala diresi lake la sukulu lofupika, akuyang'ana phulusa limene linali pamapazi ake ngati sakukhulupirira kuti malowo ndi akedi. Zikwama tsiku limenelo zinatsala zokha pakhonde.

Tili mkati mophunzira kaponyedwe popanda mpira, ndinawaona bambo aja akutulukira m'njira ya ngolo. Sanabwere kudzandipatsa moni. Anaima kunja kwa bwalo, chapafupi ndi mwana wawo, chipewa chili m'manja. Malo amene anaimawo anali kumanzere kwake, choncho mwanayo sanadziwe kuti afika. Mnzake uja anawaona, koma ndinamuyang'ana ndi diso loti atseke pakamwa.

Ndinagawa mipira. Kunena zoona, poyamba zinali zosokonekera. Ena ankaponya ndi dzanja limodzi ngati akugenda mbalame, ena zigongono zili m'mwamba ngati nkhuku yofuna kuuluka. Mnyamata wina anaiwala lamulo, anatola mpira wothawa n'kuyamba ulendo wodzandipatsa, ndipo ndinaliza wezulo mpaka makutu anga omwe analira. Ndinkayenda kumbuyo kwa mizere, osadutsa pakati, ndikukonza uyu ndi uyo, koma sindinkayandikira kumapeto kuja kuti mwanayo asandione n'kuweramanso. Ndinkamuonera patali. Mnzake ankamuitana, iye n'kuonetsa manja, mpira wachikasu n'kubwera, n'kuukokera pachifuwa. Sanaugwetse. Bambo ake sanasunthe pamene anaima.

Pang'ono ndi pang'ono bwalo linayamba kumveka bwino, mipira ikugwa m'manja motsatizana. Ndinalola amene ankagwira bwino kuti abwerere m'mbuyo phazi limodzi, ndipo awiri aja anali m'gulu limenelo. Zinayenda. Ndinalola phazi lina. Kenako tinafika pa sitepe yosunthira pambali. Ena onse ankasunthira uku ndi uku, koma iye ndinali nditamuuza kuti azisunthira kumanja kokha, kuti mpira uzimupeza ku mbali yoona, ndipo mpata wowirikiza uja unali wa ntchito imeneyo. Koyamba anagwira. Kachiwiri anagwira movutikira, ndi nsonga za zala. Ndinaona zimenezo ndipo ndinatsegula pakamwa kuti ndiwauze ayandikirane, koma mpira wachitatu unali utanyamuka kale. Anatseka manja mochedwa. Mpira unadutsa pakati pa zikhatho zake n'kumumenya patsaya lamanja, pansi penipeni pa diso.

Ndinaliza wezulo. Mipira yonse inagwa pansi, bwalo lonse linati zii. Mwanayo anali atagwira kumaso ndi manja onse awiri. Ndinathamanga, koma bambo ake anafika ndisanafike. Anagwada, anachotsa manja akewo pang'onopang'ono, n'kumugwira chibwano ndi zala zawo zakuda ndi utomoni zija. Apo m'pamene mwanayo anadziwa kuti bambo ake analipo nthawi yonseyi. Diso linali bwinobwino, likungotuluka misozi pang'ono, patsaya pali kafumbi. Anamufunsa ngati akuona, ndipo anayankha motsitsa mawu kuti akuona. Atangoyankha anagwetsa nkhope pansi, n'kuyamba kunjenjemera, ndipo sikunali kupweteka kwa mpira. Ankadziwa zimene bambo ake adanena, monganso ine ndinkadziwira.

Mnzake uja anali atayamba kulira. Ahedi anali atatuluka mu ofesi, ataima patali. Ine ndinaima pamenepo wezulo ili m'manja, ndikumva kuti ndamuchotsetsa sukulu mwana wa eni chifukwa cha kusakhazikika kwanga.

Bambo aja anatola mpira uja, anaufinya, n'kundiyang'ana. Anafunsa kuti chalakwika n'chiyani, poti poyamba ankagwira. Ndinawauza zoona, kuti ana awiriwo ndawatalikitsa msanga ndiponso ndawonjezera kusuntha nthawi yomweyo, zinthu ziwiri pakamodzi, pamene diso limodzi limafuna nthawi kuti lizolowere mtunda. Anafunsa kuti ndiye zikonzedwa bwanji. Ndinati abwerere pamene anayambira, pafupi, ayambe wasuntha ali pomwepo, ndipo asatalikirenso lero.

Anaimirira. Ndinkadikira kuti amugwire dzanja azipita. Anayang'ana mizere ya phulusa, anayang'ana ana onse aja ataima chilili aliyense pamalo pake, mipira ili pamapazi. Kenako anamuyang'ana mwana wawo, amene anali akadali chiweramire.

"Dzutsa mutu," anatero.

Mwanayo anadzutsa pang'ono n'kugwetsanso.

"Ndati dzutsa mutu, mwana wanga. Kunyumba ndi kunyumba. Pano usayang'ane pansi, ngakhale pali aphunzitsi, ngakhale pali ine. Wamva?"

"Ndamva, ababa."

Anapita kwa mnzake uja, anamuuza kuti apukute misozi, n'kumupatsa mpirawo m'manja. Anamukoka paphewa kumusendeza kutsogolo, kufika pa mzere woyamba wa phulusa. Atatero anazungulira kumbuyo kwa mwana wawo n'kukaimanso kunja kwa bwalo, ku mbali imene sakanawaona.

Ndinaliza wezulo kuti ayambirenso. Italira, mnzake uja anamuitana, ndipo iye anatambasula manja, mutu uli chilili.